Logo yochotsedwa mu PDF: zomwe zaoneka patatha miyezi 8

"Akulu, munkati pdftocairo ndi Inkscape n'zokwanira pochotsa logo mu PDF. Nanga pano, pa zikwangwani zodula pa vinilo, zikugwirabe?"

Zikugwira ndithu, ndipo kuchotsako sikunavutepo. Malamulo ake ndi awa, loyamba loonetsa zithunzi zomwe zili mu PDF, lachiwiri losandutsa tsamba kukhala SVG yoti mutsegule mu Inkscape:

```
pdfimages -list logo.pdf
pdftocairo -svg -f 1 -l 1 logo.pdf logo.svg
```

Mzere woyambawo musaudumphe. Ukaonetsa chithunzi cha kukula kofanana ndi logoyo, ndiye kuti muli madontho okhaokha, vekitala mulibe, ndipo SVG yake idzangokhala chithunzi chomwecho m'chikwama china.

Vuto lomwe latuluka mobwerezabwereza m'miyezi yonseyi ndi la mizere. Pakompyuta logo imaoneka bwinobwino, koma makina odula saona mtundu kapena kunenepa kwa mzere. Mpeni umangotsata njira yomwe ili pakati pake. Titenge logo ya mamilimita 40 m'lifupi, yozunguliridwa ndi mzere wa 1 pt, womwe ndi pafupifupi mamilimita 0.35. Mukaikuza kufika mamilimita 1200, mwaikuza ka 30, choncho mzere uja uyenera kukhala lamba wa mamilimita pafupifupi 10.6. Mukatumiza osakonza, mpeni udutsa kamodzi kokha pakati, ndipo posenda vinilo lambayo simumupeza. Mankhwala ake ndi `Path > Stroke to Path` mu Inkscape musanakuze, kuti mzere ukhale ndi m'mbali ziwiri zodulika.

Zobisika nazo zimadya vinilo. PDF imakonda kuphimba mbali ya chojambula m'malo moidula, ndiye bwalo lomwe likuoneka theka limakhala lathunthu kunsi. Tsegulani `View > Display Mode > Outline`, muona zomwe mpeni udzaone: mabokosi ozungulira tsamba, zidutswa zosanjikizana, nthawi zina mzere umodzi wojambulidwa kawiri. Wobwerezawo ndiye woipa, chifukwa mpeni ukadutsa kawiri malo amodzi ungathe kuboola pepala lapansi. Masulani magulu ndi `Ctrl+Shift+G` mpaka atathe, chotsani zophimbazo, kenako zidutswa za mtundu umodzi muzilumikize ndi `Path > Union`.

Zilembo sizinasokonezekepo maonekedwe, popeza pdftocairo imazisandutsa zojambula. Kungoti imasunga chilembo kamodzi n'kumachiitana paliponse chikufunika, ndipo mapulogalamu ena odulira amangosiya malo opanda kanthu. `Shift+Alt+D` imazimasula. Mawuwo simungawasinthenso ndi kiyibodi, koma pa logo zimenezo n'zabwino kumene.

Muyeso muziupima nthawi zonse. PDF imawerenga magawo 72 pa inchi, SVG 96, ndiye logo ikatuluka pa 75 kapena 133 peresenti, gwero lake ndi limeneli.

Pomwe njirayi imalephereratu ndi pa mitundu. Logo ya CMYK kapena Pantone imasanduka RGB, ndipo buluu wake amasuntha pang'ono. Pa vinilo yodula zilibe kanthu, mtundu mumasankha pa mpukutu. Chikwangwani chikakhala chosindikiza, osindikizawo apatseni PDF yoyamba ija pamodzi ndi nambala za mitundu.