Kalata yaifupi kapena yandandanda: iti yoperekera mafayilo omaliza a CAD?

Amene amajambula mapulani pakompyuta, ntchito yotchedwa CAD, amagwiritsa ntchito njira ziwiri polemba kalata yoperekera mafayilo omaliza kwa kasitomala. Ena amalemba mizere itatu yokha, kunena kuti ntchito yatha ndipo mafayilo ali m'munsimu, podalira kuti kabokosi ka pangodya ya chojambula kali kale ndi nambala, tsiku ndi chilembo cha kusintha komaliza. Ena amatchula fayilo iliyonse payokha, mtundu wake, muyezo umene wagwiritsidwa ntchito ndi zimene zasintha. Kusiyana kwake kumaoneka bwino tikatenga chitsanzo cha chitsulo chogwirizira shelefu, chotalika mamilimita 120, chimene chikuperekedwa m'mafayilo asanu: PDF, DWG ya pulogalamu yojambulira ya AutoCAD, DXF, STEP yosunga maonekedwe a chinthu mbali zonse, ndi STL.

Kalata yaifupi ili ndi ubwino weniweni, chifukwa imawerengedwa yonse, ndiponso siingatsutsane ndi chojambula popeza siibwereza zimene zili m'menemo. Ngati mukupereka PDF imodzi yokha, ndi yokwanira. Vuto lake ndi lakuti kabokosi kaja kamapezeka m'chojambula basi, pamene wodula zitsulo kawirikawiri amalandira DXF yokhala ndi mizere yodula yokha, ndipo wosindikiza zinthu zogwirika amalandira STL. Fayilo ya STL imasunga manambala popanda kunena ngati ali mamilimita kapena mainchi. Pulogalamu yoitsegula imangoganiza yokha, ndipo ikaganiza kuti 120 uja ndi mainchi, chitsulocho chimakula nthawi 25.4 n'kufika mamilimita 3048. Cholakwika chachikulu chotere chimagwidwa msanga. Chovuta kwambiri ndi kachinthu kakang'ono kamene kakula koma kakukwanabe m'makina, moti palibe amene akudabwa. DXF ndi DWG zili ndi malo osungira muyezo otchedwa INSUNITS, pamene 4 amaimira mamilimita, 1 mainchi, ndipo 0 amatanthauza kuti muyezo sunatchulidwe, koma si mapulogalamu onse a makina odulira amene amawerenga malowa. STEP ndiyo imasunga muyezo wake modalirika.

Kalata yandandanda imatseka mpata umenewu, ndipo pakati pake pamaoneka motere, pamene RevC ikusonyeza chilembo cha kusintha komaliza:

```
BR-014_RevC.pdf   A3, 1:1
BR-014_RevC.dwg   AutoCAD 2013, mm
BR-014_RevC.dxf   1:1, mm
BR-014_RevC.step  AP214, mm
BR-014_RevC.stl   mm
```

Kutchula chaka cha mtundu wa DWG si kukometsa chabe, popeza AutoCAD yakale singatsegule fayilo yosungidwa mu mtundu wa 2018, ndipo kasitomala akaona uthenga wokana amaganiza kuti fayiloyo ndi yowonongeka. Pansi pa mndandandawo pamafunika ziganizo ziwiri zimene ine ndimaziona kuti ndi mtima wa kalata yonse. Choyamba chimapereka muyezo woyesera: "Mukatsegula fayilo iliyonse, chonde yezani mbali yaitali, iyenera kukhala mamilimita 120." Chachiwiri chimanena fayilo yolamulira: "Ngati mafayilowa asiyana pena pake, tsatirani PDF ndipo mutidziwitse musanadule." Popanda chiganizo chachiwirichi, tsiku limene STEP ndi chojambula zidzasiyane pa kukula kwa bowo, aliyense adzaloza fayilo imene ikumukomera.

Pa nkhani ya zosintha, njira ziwirizi zimasiyananso. Kalata yaifupi imangoti "Rev C, takonza monga munanenera", mawu amene sathandiza munthu amene sanali pazokambirana. Yandandanda imati mabowo awiri akula kuchoka pa mamilimita 8 kufika pa 10, malo ake sanasunthe, china chilichonse chili monga chinalili mu Rev B, ndipo mafayilo onse a Rev B asagwiritsidwenso ntchito. Mawu akuti china chilichonse sichinasinthe amapulumutsa kasitomala ku ntchito yofanizira mapulani awiri mzere ndi mzere, ndipo ngati anali atadula kale zitsulo za Rev B, amadziwa pompo kuti n'kungokulitsa mabowo, osati kutaya zitsulozo.

Kalata yandandanda nayo ili ndi msampha wake, womwe ndi kukopera kalata yakale n'kuiwala kusintha chilembo chimodzi, moti kalata ikunena Rev C pamene dzina la fayilo kapena kabokosi ka m'chojambula kakunena B. Zikatero kasitomala amayamba kukayikira zonse. Mndandandawo uyenera kulembedwa pomalizira, poyang'ana mafayilo enieni amene akutumizidwa, osati kuchokera m'mutu. Ena amadalira lipoti limene lamulo la ETRANSMIT la mu AutoCAD limatulutsa, ndipo n'lothandizadi posonkhanitsa mafayilo olumikizidwa ndi mitundu ya zilembo kuti chojambula chisatseguke chili ndi mbali zosowa, koma silifotokoza chimene chasintha kapena fayilo yolamulira, choncho lingangoperekeza kalata, osati kuilowa m'malo.

Mafayilo akapitirira mtundu umodzi, kapena ngati ina mwa iwo ikupita ku makina odulira kapena osindikizira, ine ndimasankha yandandanda, bola ikwane tsamba limodzi ndipo kope lake la PDF liikidwe pamodzi ndi mafayilowo, chifukwa kasitomala akamawatumiza kwa wodula, uthenga woyamba uja kawirikawiri umatsalira.