-ir- ndi -its-: onse amawonjezera munthu, koma wina ndi wachinyengo

Anzanga amene akuthandiza ana kukonzekera mayeso a Chichewa akhala akundifunsa funso limodzimodzi: msintho womuchitira wa -ir- ndi msintho wochititsa wa -its- zimasiyana pati, poti yonse imangotalikitsa mneni? Zoti -ir- amasanduka -er- ndipo -its- amasanduka -ets- tsinde likakhala ndi e kapena o, aliyense amazidziwa, sinditayapo nthawi. Nkhani ili pa anthu ndi zinthu zimene mneni amanyamula.

Titenge chiganizo ichi: "Mnyamata anakonza njinga." Muli mwininkhani mmodzi ndi pamtherankhani mmodzi. Tikaika -ets- tikupeza "Bambo anakonzetsa mnyamata njinga." Munthu watsopano, bambo, walowera kumayambiriro n'kulanda udindo wa mwininkhani, ndipo mnyamata watsitsidwa kukhala pamtherankhani ngakhale sipanala ili m'manja mwake. Tikaika -er- tikupeza "Mnyamata anakonzera agogo njinga." Apa mnyamata sanasunthe. Munthu watsopano, agogo, walowera pambuyo pa mneni penipeni, ndipo yakankhidwa ndi njinga. Choncho poyesa mneni aliyense ndimafunsa kuti wakankhidwa ndani, wochita kapena chochitidwa.

Pa kumveka bwino, -its- ndiye wanga. Munthu amene iye wabweretsa amakhala ndi ntchito imodzi, yoyambitsa chochitikacho. Komanso amatipatsa njira ziwiri zomuikira wochita uja. Tikhoza kunena "Bambo anamukonzetsa mnyamata njinga," zomwe zikumveka kuti mnyamatayo ndiye anapanikizidwa, mwina poti anaiwononga ndi iyeyo. Tikhozanso kunena "Bambo anakonzetsa njinga kwa mnyamata," ndipo apa chidwi chili pa njinga, mnyamata ndi mmisiri chabe. Msintho wochitidwa umatsimikiza kusiyanaku: choyamba chimabala "Mnyamata anakonzetsedwa njinga," chachiwiri "Njinga inakonzetsedwa kwa mnyamata." Tikafuna tingomusiyiratu mmisiriyo, monga timanenera kuti "ndasoketsa malaya" osatchula telala. Chinenero cha ku Turkey, chomwenso chimalumikiza timaphatikira motsatizana, chimachita zofananako: "Hasan mektubu okudu" (Hasan anawerenga kalata) chimasanduka "Ali Hasan'a mektubu okuttu," ndipo ka -a ka pa Hasan kakugwira ntchito yonga ya "kwa" wathu.

Pali poterera pamodzi pa -its-. Nthawi zina sawonjezera munthu ayi, amangolimbitsa ntchito. "Mangitsa katunduyo asagwe" sakutuma wina, akuti manga zolimba. Polankhula, kakwezedwe ka mawu kamathandiza, koma polemba muyenera kuwerenga anthu, kuphatikizapo osatchulidwa onga telala uja: ngati chiwerengero sichinakwere, si msintho wochititsa. Palinso aneni monga tulutsa, chotsa ndi kweza, amene amati wachita ndi manja ako, pamene "kweretsa" amatha kutanthauza kuti wapangitsa wina kukwera yekha.

Tsopano -ir-, amene ndili naye chifukwa. Tinaphunzitsidwa kuti ndi wochitira wina zabwino, ndipo dzina loti womuchitira limakometsa bodzali. Kumudzi kwathu munabuka mkangano chifukwa cha uthenga wa pafoni wa mawu anayi okha: "Achimwene andiphera mbuzi dzulo." Wolembayo ankadandaula kuti mbuzi yake yaphedwa italowa m'dimba. Amalume amene anaulandira m'tauni anamva kuti mlendo walandiridwa ndi nyama, n'kuyankha mothokoza achimwenewo, ndipo mwini mbuzi anaona ngati akunyozedwa. Palibe analakwitsa Chichewa. Mphatikirayu amangoti pali wina amene zamukhudza, osanena ngati wapindula kapena waluza. "Wandigulitsira njinga" ndi chimodzimodzi: mwina ndinamutuma, mwina wagulitsa njinga yanga ndili kumaliro.

Ndipo si munthu yekha amene -ir- amalowetsa. Mu "mpeni wodulira nyama" walowetsa chida. Mu "anaphikira panja" walowetsa malo. Mu "ukulirira chiyani?" walowetsa chifukwa. Ntchito zonsezi maonekedwe ndi amodzi, ndipo tanthauzo mumalitola pa dzina lotsatira ndi pa nkhani yonse. N'chifukwa chake polemba kalata ya mgwirizano kapena umboni ndimakonda kunena motalika: "anagulitsa njinga m'malo mwanga," "anapha mbuzi yanga," "anadula ndi mpeni."

Chachiwiri chimene ndimamuda nacho n'choti munthu wochitiridwayo akalowa amalanda ufulu wonse wa pamtherankhani. Malo oyandikana ndi mneni ndi ake: "anakonzera njinga agogo" n'chopunduka pokhapokha mutaika -wa- mu mneni. Kamphatikira koimira pamtherankhani n'kakenso, "anawakonzera njinga." Pa msintho wochitidwa, "Agogo anakonzeredwa njinga" chikumveka bwino, koma "Njinga inakonzeredwa agogo" chikukhumudwitsa khutu. Amene akufuna kuyamba ndi njinga amatembenuza timaphatikira n'kunena "inakonzedwera agogo." Sam Mchombo, katswiri wa zinenero wa ku Malawi amene waphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya ku Berkeley ku America, analemba zambiri pa kukondera kumeneku. Mu 1990 akatswiri ena a zinenero, Joan Bresnan ndi Lioba Moshi, anasonyeza kuti Chichaga cha ku Kilimanjaro sichikondera chotero: kumeneko wochitiridwa kapena chinthu chochitidwa, chilichonse chikhoza kukhala mwininkhani. Chiswahili, chomwe chili ndi pikia ndi pikisha pamene ife tili ndi phikira ndi phikitsa, chili mbali yathu.

Awiriwa akakumana mu mneni mmodzi, -its- amatsogola. Timati "Bambo anakonzetsera agogo njinga," osati "anakonzeretsa." Mu 1985 katswiri wa zinenero Mark Baker ananena kuti ndondomeko ya timaphatikira imatsata ndondomeko ya mmene tanthauzo lamangidwira. Katswiri wina, Larry Hyman, pogwiritsa ntchito zitsanzo za Chichewa, anasonyeza mu 2003 kuti apa sizitero. Mu "Alenje akuliritsira mwana ndodo," ndodo ili m'manja mwa alenje, ndiye ndi chida choliritsira. Mu "Alenje akutakasitsira mkazi mthiko," mthiko uli m'manja mwa mkazi, ndi chida chotakasira, ndipo tikanayembekezera -ir- kuyamba. Komabe aneni onse awiri ali ndi -its-ir-. Musasokonezeke ndi mawu ngati "landiritsa": -ir- wa mu landira anamamatira kalekale n'kukhala gawo la tsinde.

Onaninso kuti mu "anakonzetsera agogo njinga" mnyamata uja wasowa. Kumubwezera n'kotheka ndi "kwa mnyamata," koma kundanda maina atatu opanda mperekezi pambuyo pa mneni kumalemera, ndipo womvera amayamba kufunsa kuti wakonza ndani, wakonzeredwa ndani. Apanso wopulumutsa chiganizo ndi "kwa" wa msintho wochititsa, pamene agogo a -er- akakamira malo awo osasuntha.

Ndiye kwa wophunzira amene ali ndi nthawi yochepa, ndimati ayambe ndi -its-, chifukwa akangowerenga anthu n'kupeza woyambitsa, watha. Nthawi yotsalayo aithere pa -ir-, ndipo pa chiganizo chilichonse azifunsa ngati dzina lowonjezeredwalo ndi munthu wopindula, munthu woluza, chida, malo kapena chifukwa, kenako ayese kuliika kumayambiriro ndi -idw- kapena -edw- kuti amve ngati khutu likulola.