Kuyesa mazira pa chithunzi: zimene ndaona patapita miyezi

Kuyambira nyengo yozizira mpaka kutentha kwa Okutobala, ndakhala ndikugula mazira ophikira makeke kwa mlimi wina wakutali, ndipo asananditumizire matheleyi amaswa dzira limodzi pambale yafulati n'kunditumizira chithunzi pafoni. Njirayi ndikuigwiritsabe ntchito, koma tsopano ndimadalira kwambiri kutalika kwa chikasu cha dzira kusiyana ndi kufalikira kwa choyera chake.

Dzira likamakhalitsa, mpweya umatuluka kudzera m'timabowo ta chigoba, choyera cholimba chija chimasanduka chamadzimadzi, ndipo madzi ena amalowa m'chikasu n'kufooketsa kachikopa kamene kamachikuta, kotero kuti chikasucho chimaphwa n'kutambasuka. Ubwino wa chikasu ndi wakuti sichifuna rula m'chithunzi, chifukwa chofunika ndi kugawa msinkhu wake ndi mulifupi mwake, ndipo zimenezi munthu angathe kuyeza pagalasi la foni. Dzira latsopano limapereka pafupifupi 0.4 kapena kuposerapo pang'ono. Pa chithunzi china cha mu Julayi, chikasu chinali mamilimita 17 m'mwamba ndi 40 mulifupi, zimene zinapereka 0.43, pamene cha mu Okutobala chinali 13 ndi 46, kutanthauza 0.28, ndipo theleyi imeneyo ndinaikana ngakhale mlimi ananena kuti mazirawo sanakhalitse. Sindikuganiza kuti ananama, pakuti kutentha kumakalambitsa dzira msanga, ndipo chithunzi chimaonetsa mmene dziralo lasungidwira osati masiku ake enieni.

Kuyezaku kumatheka pokhapokha foni itagwiridwa cham'mbali, molingana ndi pamwamba pa mbale. Chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba chimabisa msinkhu wonse, ndipo mbale yakuya imasonkhanitsa choyera pamodzi moti dzira lakale limaoneka labwino. Ndimapemphanso kuti dzira lisachokere mufiriji, popeza lozizira limaima molimba kuposa mmene lilili, ndiponso kuti lijambulidwe litangoswedwa.

Choyera ndicho chandikhumudwitsa. Muyezo wodziwika wa ubwino wa dzira wotchedwa Haugh, umene Raymond Haugh anaukhazikitsa mu 1937, umafuna msinkhu wa choyera cholimba pamodzi ndi kulemera kwa dzira, ndipo kulemerako chithunzi sichingakuonetse. Komanso nkhuku zokalamba, ngakhale zimene zinadwalapo matenda ena a m'chifuwa, zimaikira mazira a choyera chamadzimadzi tsiku lomwelo. Chimene ndimayang'anabe ndi chakuti pakhale malire ooneka bwino pakati pa choyera cholimba chozungulira chikasu ndi chamadzi cha kunja, chifukwa malirewo akasowa ndiye kuti dziralo silingachite thovu lokhalitsa bwino pomenya keke.

Chithunzi sichionetsa fungo kapena tizilombo monga Salmonella, komanso dzira limodzi silingaimire onse 30 a m'theleyi ngati mlimi anasakaniza a masiku osiyana. N'chifukwa chake katundu akafika ndimaswa dzira lililonse m'kapu palokha ndisanalithire mu ufa.