Anthu akungotulutsidwa mu akaunti: stiki seshoni kapena kusunga maseshoni pamodzi?

Ngati muli ndi maseva atatu kuseri kwa nginx ndipo anthu akudandaula kuti angologina kumene koma akadina peji ina akufunsidwanso pasiwedi, musathamangire kukayikira khodi ya logini. Nthawi zambiri seshoni yalembedwa pa seva yoyamba yokha, PHP mukapanda kuisintha imasunga maseshoni m'mafayilo pa disiki ya seva yomweyo, pomwe nginx imagawa mapempho mosinthanasinthana ndiye pempho lachiwiri likugwera pa seva yoti munthuyo siikumudziwa olo pang'ono. Kuti mutsimikize ikani `$upstream_addr` mu logi, mukaona kuti munthu akutuluka pomwe adilesiyo yasintha ndiye vuto mwalipeza basi.

Njira yachangu ndi stiki seshoni, kumumata munthu pa seva imodzi. Mu nginx ndi mzere umodzi, `ip_hash;` mkati mwa `upstream`, khodi osaigwira n'komwe ndipo madandaulo amachepa tsiku lomwelo. Koma imadalira IP ya munthu, ndiye wa foni akachoka pa wayifayi n'kuyatsa deta IP yasintha, mwina wagwera seva ina, watulukanso. Komanso ngati kutsogolo kuli pulokisi ina nginx imaona IP ya pulokisiyo, anthu onse n'kuunjikana pa seva imodzi zinazo zili phee. Kumata ndi kuki ngati mmene HAProxy imachitira kuliko bwino pa nkhani ya IP, komabe seva ija ikafa kapena mukaichotsa pokweza khodi yatsopano, onse amene anamatidwa pamenepo seshoni zawo zapita.

Kusunga pamodzi ndiye kumachotsa muzu wa vutolo. Maseva onse atatu amalemba ndi kuwerenga seshoni pa Redis imodzi, seva yosunga deta mu memole, ndiye pempho ligwere kulikonse munthu amapezeka. Mu PHP mukaika phpredis ndi izi:

```
session.save_handler = redis
session.save_path = "tcp://10.0.0.5:6379"
```

Nayonso ili ndi mtengo wake. Redis ija ikagwa si gawo limodzi mwa atatu lomwe likutuluka ayi, ndi aliyense, choncho imafuna inzake yoyembekezera kulowa m'malo. China chomwe chimapweteka anthu ambiri, amaika maseshoni pa Redis yomwe akusungiraponso kashi ili pa `allkeys-lru`, memole ikadzadza imayamba kutaya makiyi omwe atenga nthawi osagwiritsidwa ntchito kuphatikizapo maseshoni, anthu n'kuyambanso kutuluka mwachisawawa inu mukuti ndinakonza kale. Ngati pulogalamu yanu imasaina makuki, onaninso kuti kiyi yosainira makukiwo ndi yofanana pa maseva onse, ikasiyana seva ina imakana kuki ya inzake ngakhale Redis ili bwinobwino.

Ine stiki ndimayatsa ngati anthu akuvutika lero ndipo ndilibe nthawi, koma sabata yomweyo ndimasamutsira maseshoni ku Redis yakeyake. Ndikatero ndimachotsa `ip_hash`, n'kulogina, n'kuzimitsa dala seva imodzi kuti ndione ngati ndikadali mkati.