Ndemanga: kampani ya zamakompyuta yomwe inatikonzera Kerberos kuofesi, nyenyezi 4 mwa 5

Tili ndi kakampani kogulitsa masipeya ku Msasa kuno ku Harare, makompyuta onse ali pa domeni, ndipo pulogalamu yathu ya maakaunti imadalira seva ya SQL. Inayamba kumakana anthu, mmawa munthu walowa bwinobwino mu Windows koma akati atsegule pulogalamuyo basi `Cannot generate SSPI context`, makasitomala ali pamzere invoisi osatuluka. Amene ankatithandiza kale ankangochotsa kompyuta pa domeni nkuibwezeranso, zomwe sizinkathandiza olo pang'ono. Ndiye mnzathu wina wa ku Highfield anatilozera anyamata awawa.

Chomwe ndawapatsira nyenyezi zambiri nchakuti bambo amene anabwerawo sanayambe ndi kusinthasintha zinthu, anayamba ndi kuyeza. Atakhala pa seva ya SQL ija analemba izi:

```
w32tm /stripchart /computer:DC01 /samples:5 /dataonly
w32tm /query /source
```

Zinaonetsa kuti sevayo ndi DC01, seva yoyang'anira domeni yomwe imapereka matikiti olowera pa maseva ena, zikusiyana ndi mphindi 9. Anandifotokozera mwachifatse kuti Kerberos, njira yomwe Windows imatsimikizira anthu pa domeni pogwiritsa matikiti amenewa, imalola kusiyana kwa mphindi 5 zokha ngati simunasinthe polise, chifukwa kompyuta ikamapereka tikiti imaphatikizapo nthawi yake, ndiye seva ikaona kuti nthawiyo yatalikirana ndi yake imaganiza kuti mwina wina wajambula uthenga wakale akuutumizanso, basi imakana ndi `KRB_AP_ERR_SKEW`. Gwero lake linali loti DC01 inkangodalira wotchi yake yamkati, `Local CMOS Clock`, sinalumikizidwepo ndi seva ya nthawi yakunja chiikireni ndiye inkatsalira pang'onopang'ono, makompyuta onse nkumaitsatira. Pomwe SQL ili pa Hyper-V, ndiye kuti imayenda mkati mwa makina ena, ndipo inkatenga nthawi kwa makina oinyamulawo, omwe sali pa domeni, wotchi yawo yolondola. Ndiye amene anali ndi nthawi yoona ndi amene ankaoneka wolakwa.

Anatsegula UDP 123 pa fayawo, DC01 anaiuza kuti izitenga nthawi kunja poti ndiyo PDC yathu, yomwe makompyuta a pa domeni amatengako nthawi, kenako pa SQL anazimitsa zotenga nthawi ku Hyper-V kuti izitsatira domeni. Anachenjezanso atsikana a pa kaunta kuti asamakonze wotchi pamanja, zoni izikhala `(UTC+02:00) Harare, Pretoria`, chifukwa Kerberos imawerengera UTC ndipo kompyuta ya zoni yolakwika yomwe mwaikankhira wotchi kuti ifanane ndi yapakhoma imakhala yaphonya ndi maola athunthu.

Koma nthawi itakhala bwino vuto silinatheretu, ndipo apa mpamene ndinaona kuti munthuyu ntchito amaidziwa. Sanachite manyazi kunena kuti pali china. Anatsegula ma logi a DC01 nkupeza Event ID 11 ya KDC, sevisi yopereka matikiti, ikudandaula za dzina lopezeka pa maakaunti awiri, ndiye:

```
setspn -X
setspn -Q MSSQLSvc/sql01.ofesi.local:1433
```

Dzina la sevisi lomwelo, amati SPN, linali pa akaunti yakale komanso pa yatsopano imene SQL inasamutsidwirako mwezi wathawu. Tikiti imakhomedwa ndi kiyi ya akaunti yomwe ili ndi dzinalo, ndiye maakaunti akakhala awiri DC sidziwa kuti ikhome ndi kiyi ya ndani. Wosamutsa uja anagwiritsa `setspn -A` yomwe pa seva yathu yakale ya Windows Server 2008 R2 siyang'ana ngati dzina lilipo kale, pomwe `setspn -S` imayang'ana kaye. Bambowa asanachotse kanthu anakaona kaye mu SQL Server Configuration Manager kuti sevisi ikuyendera akaunti iti, chifukwa ukachotsa pa akaunti yolondola nkusiya pa yakale ndiye waonjezera moto, tikiti izituluka koma seva izilephera kuitsegula, ndi pomwe mumaona `KRB_AP_ERR_MODIFIED`. Anachotsa pa yakale ndi `setspn -D`, pa makompyuta a pa kaunta `klist purge` kutaya matikiti akale, pulogalamu inatseguka pompo. Anandionetsanso pa `klist` tikiti ya MSSQLSvc itabwera, kuti ndione ndekha.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa lipoti lolembedwa anachita kutumiza titawakumbutsa kangapo pa WhatsApp, ndipo lomwe linabweralo linali lachidule kwambiri, ma komandi omwe anayendetsa pa DC01 sanalembemo onse. Zimenezi zimandikhudza chifukwa mawa akabwera munthu wina ayambiranso kufufuza pachiyambi ife nkulipiranso. Mtengo wawo si wotsika, amawerengera pa ola mu madola, koma anatiuziratu tisanayambe. Anatiuzanso mosabisa kuti 2008 R2 ija Microsoft inasiya kuithandiza mu 2020 ndipo kuyambira 2012 R2 DC imakana yokha dzina lobwereza, ndiye tapempha kotesheni yoti atisinthire, tiwaitananso omwewa.