Zambezi, mpweya kapena nsanja: choziziritsira chabwino nchiti pa kutentha kwa ku Tete?

Anthu akamakamba za kupanga magetsi ndi malasha a ku Moatize, mkangano umakhala pa ng'anjo: malasha ake, moto wake, boila yake. Mbali yozizira ya injini saikumbukira nkomwe, chonsecho kuno ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira 40 °C, mbali imeneyi ndiyo imadya magetsi ambiri mwakachetechete. Njira zoziziritsira zilipo zitatu, ndipo ndikufuna tiziike pa sikelo imodzi.

Sikeloyo anatisiyira ndi Sadi Carnot, injiniya wa ku France, mu 1824. Injini iliyonse yoyendera kutentha imatenga kutentha ku mbali yotentha, gawo lina nkulisandutsa ntchito, lotsalalo nkulitaya ku mbali yozizira. Gawo lomwe lingasanduke ntchito lili ndi malire, ndipo palibe luso lomwe lingawadumphe:

```
η = 1 − Tc / Th
T(K) = T(°C) + 273.15
```

η ndi malirewo, Th ndi kutentha kwa mbali yotentha, Tc ndi kwa mbali yozizira, ziwirizi m'makelevini, omwe chizindikiro chake ndi K. Makina a ku Cahora Bassa lamuloli siliwakhudza, poti iwo amazungulira ndi kugwa kwa madzi, osati ndi moto.

Tiyerekeze siteshoni yomwe nthunzi yake imalowa mu tebaini ili pa 540 °C, monga zimakhalira m'masiteshoni ambiri a malasha. Tikaonjezera 273 tikupeza 813 K. Tsikulo likhale la mu Okutobala masana, mpweya uli pa 42 °C, madzi a mu Zambezi ali pa 27 °C. Manambala a tsikuli ndawasankha kuti tiwerengere, inu mudzaikepo anu omwe mwayeza.

Tiyambe ndi mtsinje. Mapampu amatunga madzi, madziwo amadutsa m'timapaipi ta kondensa, nthunzi yotuluka mu tebaini imakhudza timapaipi tozizirato nkusanduka madzi. Apa pali msampha womwe umakola ngakhale ophunzira bwino: munthu amangolemba Tc = 27 °C poti ndi mmene mtsinje ulili. Koma injini siuona mtsinje, imaona kondensa. Madzi amalowa pa 27, akamatuluka amakhala atafunda kufika mwina 34, ndipo nthunzi iyenera kukhala pamwamba pa madziwo pang'ono, apo ayi kutentha sikungaoloke chitsulo cha paipi. Ndiye kondensa ili pa 37 °C, omwe ndi 310 K. Tikagawa 310 ndi 813 tikupeza 0.381, ndipo malire ake ndi 61.9 peresenti.

Tsono mpweya. Nthunzi imadutsa m'mapaipi okhala ndi timapiko tachitsulo, pansi pake mafani akuluakulu akupemerera. Mpweya sulanda kutentha msanga ngati madzi, motero mpata wa pakati pa mpweya ndi nthunzi umakhala waukulu, tinene madigiri 20. Kondensa ikhala pa 62 °C, kapena 335 K, ndipo malire atsika kufika 58.8 peresenti.

Mwaona mmene msampha uja umabisira vuto? Amene angagwiritse ntchito 27 ndi 42 mwachindunji apeza 63.1 ndi 61.3 peresenti, nkunena kuti kusiyana ndi 1.8 basi, bwanji tingosankha mpweya. Kusiyana kwenikweni ndi 3.1, pafupifupi kuwirikiza. Ndipo 3.1 pa 61.9 zikutanthauza kuti pa thumba lomwelo la malasha magetsi achepa ndi gawo limodzi mwa magawo 20, tisanawerengere omwe mafani akudya okha. Wogwira ntchito pa siteshoni safunikanso kuchita kuuzidwa, amaona pa geji ya kondensa: nthunzi yomwe ikusanduka madzi pa 37 °C imakankha ndi mphamvu ya 6 kPa ndi kakuti, pa 62 °C mphamvuyo imakwera kupitirira 21 kPa. Mphamvu yokankhira mmbuyo imeneyi ikakwera kwambiri masana otentha, tebaini amachita kuichepetsa katundu dala poteteza timapiko take tomalizira. Nthawi yake ndi yomweyo yomwe mzinda wonse wayatsa mafani ndi mafiriji.

Wina anena kuti vuto nlochepa, tingotenthetsa nthunzi kwambiri kuti tibweze zomwe tataya. Werengerani. Kuti malire abwerere pa 61.9 peresenti kondensa ili pa 335 K, Th iyenera kufika 879 K, pafupifupi 605 °C. Madigiri 25 otayika ku mbali yozizira akufuna madigiri oposa 65 ku mbali yotentha. Nthunzi ya 605 °C imafuna mapaipi a chitsulo chamtundu wina chodula kwambiri, chifukwa chitsulo wamba chikakhalitsa pa kutentha kotero chimatamuka pang'onopang'ono mpaka kuphulika. Digiri imodzi ya pansi ndi yolemera kuposa digiri imodzi ya pamwamba, ndipo chifukwa chake chili mu fomula momwemo: Tc ili pamwamba pa mzere wogawira, Th ili pansi.

Mpaka pano mtsinje ukuoneka kuti wapambana, koma mtengo wake uli m'madzi. Siteshoni ya megawati 100 imataya kutentha kokwana pafupifupi megawati 140 mu kondensa. Kilogalamu imodzi ya madzi imatenga 4.18 kJ kuti ifunde ndi digiri imodzi, ndiye ngati tikulola madzi kufunda ndi madigiri 7, tifunika malita pafupifupi 4,800 pa sekondi iliyonse. Zambezi angapereke madzi amenewa osazindikira nkomwe, ngakhale kuti madzi ofunda obwerera mumtsinje amasokoneza nsomba za pomwe akutulukira, ndipo matope a nthawi ya mvula amatseka timapaipi. Vuto lalikulu ndi mtunda. Malasha ali ku Moatize, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mu mzinda wa Tete, ndipo kukankha madzi ochuluka chonchi ulendo wopita ndi wobwerera kungadye phindu lonse lija.

Njira yachitatu, yomwe ine ndimaikonda pa dera lathu lino, ndi nsanja yoziziritsira madzi. Madzi ofunda ochokera mu kondensa amawazidwa mkati mwa nsanja, ena ochepa amauluka ngati nthunzi, otsalawo nkuzizira. Ndi mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa pakhonde ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ubwino wake ndi wakuti nsanja siyendera kutentha kwa mpweya komwe timamva pa wailesi. Imayendera kutentha komwe choyezera chimaonetsa mutachikulunga ndi kansalu konyowa nkuchipemerera, ndipo pa tsiku louma la mu Okutobala nambala imeneyi imakhala pansi kwambiri pa 42. Kondensa ikhoza kukhala cha pa 40 °C, omwe ndi 313 K, malire nkukhala 61.5 peresenti, kutsalira pang'ono chabe kwa mtsinje. Madzi omwe amauluka ndi pafupifupi malita 60 pa sekondi, poti kilogalamu iliyonse youluka imanyamula cha ku ma 2,400 kJ. Muonjezerepo ena otaya dala kuti mchere usaunjikane. Koma dziwani kuti madzi amenewa apita, sabwereranso mumtsinje, ndipo mu Januwale, mpweya ukadzaza chinyezi, nsanja imafooka.

Mpweya ndiupatse ulemu wake. Siteshoni ya Matimba ku Lephalale, m'dziko la South Africa, imaziziritsa ndi mafani chifukwa dera lake nlosowa madzi, ndipo yakhala ikugwira ntchito kwa zaka zambiri. Kumene kulibe mtsinje, kutaya gawo la magetsi nkwabwino kuposa kusapanga magetsi nkomwe. Koma kusankha mafani Zambezi ali pafupi, m'dera lotentha chonchi, ndikanafuna andionetse mawerengedwe ake kaye.

Mawerengedwewo akabwera, yang'anani kaye ngati sanaiwale 273. Amene walemba 1 − 37/540 apeza 93 peresenti, nambala yosangalatsa koma yabodza. Muyeso wa °C umayambira pomwe madzi amaundana, malo omwe anthu anangogwirizana, pamene kugawa Tc ndi Th kumafuna muyeso woyambira pa ziro yeniyeni, −273.15 °C, womwe Kelvin, wasayansi wa ku Britain, anaufotokoza mu 1848. Njira yogwirira bodzali njosavuta: ikani Tc = 0 °C mu mawerengedwe a munthuyo. Akakutulutsirani 100 peresenti, ndiye kuti madzi oundana apanga injini yosataya kanthu, zomwe sizingatheke. Pali kachinthu kena komwe kamasokoneza. Fomula ija ikhozanso kulembedwa kuti (Th − Tc) / Th. Pamwamba pa mzere mukhoza kuchotsera mu °C, chifukwa 540 − 37 ndi 813 − 310 zonse zikupatsa 503. Pansi pa mzere pokha ndi pomwe payenera kukhala 813, osati 540.

Cholakwa chimenechi chimakula kwambiri pa tinjini tating'ono. Wina akufuna kuyendetsa kainjini ndi madzi otenthetsedwa ndi dzuwa kufika 90 °C, mpweya uli pa 42 °C. Mu °C apeza 53 peresenti nkuyamba kugula zitsulo. Mu makelevini ndi 48 kugawa ndi 363, omwe ndi 13 peresenti, tisanachotsepo mpata wa pa choziziritsira. Kainjini komweko kumapiri a ku Angonia, m'mawa wa mu Juni mpweya uli pa 12 °C, malire ake akhala 21 peresenti ndi theka.

Ku mbali yotentha nakonso kuli msampha wake. Lawi la m'ng'anjo likhoza kufika 1,500 °C, ndipo woika 1,773 K mu fomula, kondensa ili pa 310 K, apeza 82 peresenti ndi theka. Nambalayi ndi ya injini yomwe ikanatha kumwa kutentha pa lawi penipeni, koma yathuyi imamwa kudzera m'madzi ndi nthunzi. Ngakhale 540 °C ndi yokomera injini, chifukwa madzi salandira kutentha konse ali pa 540. Amalowa mu boila ali cha pa 250 °C, amawira cha pa 350 °C, kenako nthunziyo nkukwezedwa kufika pa 540. Pakatikati pake ndi cha pa 370 °C, kapena 643 K. Tikaika nambala imeneyi, mtsinje ukupatsa 51.8 peresenti, mpweya 47.9, ndipo kusiyana kwakula kufika 3.9. Tikachotsa kutentha kotuluka ndi utsi, zotayika mu tebaini ndi magetsi odyedwa ndi mapampu ndi mafani, timafika pa 35 mpaka 40 peresenti, pomwe masiteshoni ambiri a malasha a mtundu umenewu amagwera.