Eriyo yapanja ndi waya wa RG6: chithunzi chasiya kuduka, koma eriyo yokha sikanatha

Ndikulemba ndemangayi nditagwiritsa ntchito katunduyu kuyambira nyengo yotentha mpaka mvula itakhazikika. Ndinagula eriyo yapanja ya UHF, ija yaitali yokhala ndi timindodo tambiri, ndi waya wa RG6 wa mamita 15 m'shopu ina ya zamagetsi ku Old Town. Ndimakhala ku Kawale, kumunsi kotsetsereka, ndipo vuto linali lodziwika lija: chithunzi cha pa dikoda kusweka kukhala timabokosi, mawu n'kumadukaduka, kenako pagalasi n'kulemba No Signal.

Eriyoyi ndi yabwino, koma nditailumikiza ku waya wakale zinthu zinangosintha pang'ono. Amene anandiunikira ndi mmisiri yemwe ashopu anandipatsa. Asanakwere padenga anatsegula pamene dikoda imaonetsa mizere iwiri, Signal Strength ndi Signal Quality. Woyamba unali pa 80, wachiwiri ukuvinavina pakati pa 30 ndi 45. "Bambo, musamaone wapamwambawu," anatero. "Uwu ukungonena kuti chinachake chikufika, ngakhale phokoso. Chithunzi chimadalira wachiwiriwu." Kanema wa dijito sachita chipale pang'onopang'ono ngati wakale uja. Amaoneka bwinobwino mpaka mzere wachiwiri utatsika kufika pamalire ena, basi n'kusweka nthawi imodzi. N'chifukwa chake masana zimaoneka, koma kukangowomba mphepo kapena kugwa mvula zonse n'kubalalika.

Ndiye anadula waya wakale kuti ndione mkati. Unali wopyapyala, timawaya toluka tozungulira tija tinali towerengeka moti mumaona pulasitiki yoyera pansi pake, ndipo kumapeto kwa padenga kunali kutada ndi dzimbiri chifukwa madzi ankalowa. Pakati panalinso polumikiza popotokola ndi manja n'kukulunga tepi. Wa RG6 ndi wonenepa, uli ndi kachitsulo kopepera kokuta mkati komanso zoluka zothinana, choncho sutaya mphamvu yambiri panjira ngati wa RG59 kapena uja wopanda dzina. Tinauyala umodzi wathunthu kuchoka pa eriyo kufika pa dikoda, opanda cholumikiza. Eriyo ili pomwe inali, Quality inakwera kufika cha m'ma 60.

Pamutu wa waya pamafunika diso. Kawaya kamodzi kokha ka zoluka zija kakakhudza chingwe chapakati, zonse zimafa, ndipo mungaganize kuti dikoda yapsa. Mmisiriyo anapindira zolukazo kumbuyo, n'kumanga mutu wopotera, kenako anasiya waya utalendewera pang'ono ngati chilembo cha U usanalowe m'nyumba, kuti madzi a mvula azidonthera panja m'malo motsata waya.

Zotsala zinali kutalika ndi kolozetsa. Eriyo yakale inali pansungwi, yongopitirira pang'ono msonga ya denga lamalata, ndipo kutsogolo kwake kuli mtengo wa mango wa aneba. Malata amabweza mafunde, ndipo masamba, makamaka akanyowa, amawatchinga. Tinaika paipi yachitsulo kuti eriyo ikhale pafupifupi mamita 2 pamwamba pa denga, n'kuisunthira mbali ina ya nyumba kumene mtengowo sutchinga, kutali ndi mawaya a ESCOM. Kolozetsa tinayamba ndi kuona kumene maeriyo a anzathu aloza ndi momwe timindodo tawo tagonera. Kenako iye ankatembenuza pang'onopang'ono, n'kuima masekondi angapo, ine ndili pabalaza kukuwa manambala pawindo, poti dikoda imachedwa kuonetsa kusintha. Tinamangira Quality ili pa 85. Tinayesa MBC, Zodiak ndi Times, zonse mbee, ndipo mvula yamkuntho ikagwa Quality imatsika koma osafika posweka. Manambalawa ndi a dikoda yanga, ina imawerenga mwina.

Ashopu anafuna kundigulitsanso busita, mmisiri anakana. Busita imakuza chilichonse chomwe yalandira, phokoso lomwe, ndiye ikaikidwa pa waya wowola Strength imakwera koma Quality ayi. Imathandiza ngati waya ndi wautali kwambiri kapena mukugawira ma TV angapo, popeza kogawira pawiri kamadya kupitirira theka la mphamvu kumbali iliyonse, ndipo iyenera kukhala pafupi ndi eriyo, osati kuseri kwa TV.

Chondidandaulitsa ndi zomangira za eriyoyi. Mabawuti ake ndi ofewa, ayamba kale dzimbiri, ndipo kabokosi kolowera waya sikatseka bwino moti tinachita kumata silikoni. Eriyo ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, waya 5. Pogula waya uzani wogulitsa asende kumapeto muone zoluka ndi maso anu, chifukwa ndinaona wina wolembedwa RG6 kunja koma mkati muli timawaya tochepa ngati wakale wanga uja.